Sentimita imodzi pa mwezi: zoti odzipereka a kusikelo amve asanagwire thabwa

Tsiku la sikelo ya ana kumadera a Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, gawo lalikulu la ntchito limagwiridwa ndi anthu amene salandira malipiro. Mlangizi wa zaumoyo amakhala atatanganidwa ndi katemera, mavitamini ndi kaundula, ndiye odzipereka a m'mudzi ndiwo amapachika sikelo panthambi ya mtengo, kuimika amayi pamzere, kuyeza ana ndi kutchula manambala oti alembedwe m'buku la kuchipatala. Kuyeza kulemera kwa mwana anakuzolowera, ndipo lamba woyezera pamkono amamudziwa bwino. Chimene chimavuta ndi thabwa loyezera kutalika. Kumene lilipo, ambiri amaliona ngati chida chosafuna maphunziro: goneka mwana, werenga nambala, itana wina. Koma pa miyeso yonse ya kusikelo, kutalika ndi kumene kumalakwika msanga, ndipo kulakwa kwake sikuonekera. Choncho mlangizi amene wapatsidwa mpata wolankhula ndi odzipereka pa nkhaniyi asataye nthawi n'kuwauza kuti kuyeza n'kofunika, poti zimenezo akuzidziwa kale. Awasonyeze kuti nambala yolakwika imawononga kuposa malo osalembedwa kanthu, kenako awagwiritse thabwalo mpaka manja awo azolowere.

Nkhani yonse yagona pa kakulidwe ka mwana pa mwezi umodzi. Matchati amene zipatala zimagwiritsa ntchito anachokera ku bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, lomwe linawatulutsa mu 2006. Matchatiwa amasonyeza kuti mwana wamwamuna wapakatikati amabadwa ndi masentimita 49.9, pomwe akukwanitsa chaka amakhala ndi 75.7, ndipo pa zaka ziwiri amafika 87.8 akamuyeza chogona. Chaka choyamba mwana amawonjezera masentimita pafupifupi 26, koma chaka chachiwiri amangowonjezera 12 okha, kutanthauza sentimita imodzi pa mwezi. Akapitirira zaka zitatu, kukula kwa pa mwezi kumatsika kufika pongopitirira pang'ono theka la sentimita. Tsono bondo lopindika pang'ono, chibwano chogwera pachifuwa, kapena mutu wosagunda kumutu kwa thabwa zimatha kusintha nambala ndi sentimita imodzi kapena awiri. Woyeza wosasamala amalakwitsa ndi mlingo woposa chinthu chimene akufuna kuona. Mwezi uno mwana aoneka ngati wakula kwambiri, mwezi wamawa ngati wafupika, ndipo mayi adzabwerera kwawo ndi nkhawa kapena chimwemwe chochokera m'manja mwa woyeza, osati m'thupi la mwana wake.

Chitsanzo cha mwana mmodzi

Tiyerekeze mwana wamwamuna wa miyezi 18 amene kutalika kwake kwenikweni ndi masentimita 78.0 ndipo akulemera makilogalamu 8.4. Pa tchati cha kutalika poyerekeza ndi msinkhu pali mzere wapakati, ndipo pansi pake pali mzere wolembedwa -2, womwe mwana akaugwera kunsi timati wapinimbira. Kwa mnyamata wa miyezi 18 mzerewo uli pa masentimita 76.9, kotero mwana wathuyu ndi wamfupi ndithu, koma sanapinimbire. Pa tchati china, chomwe chimayerekeza kulemera ndi kutalika, mnyamata wa masentimita 78 amene akulemera pansi pa makilogalamu 8.6 amakhala kuti wawonda mopitirira muyeso. Mwanayu ali ndi 8.4, ndiye akufunika kuonedwa ndi mlangizi mwamsanga chifukwa thupi lake likutha.

Tsopano tinene kuti pa tsiku la sikelo mwanayu akulira, akupalasa miyendo, ndipo woyeza ali yekha. Mawondo sanawongoke, mutu watsetsereka kuchoka kumutu kwa thabwa kenako wabwezedwa mothamanga, ndipo m'buku mwalembedwa 76.0. Nambala imodziyi yabala mabodza awiri. Loyamba, mwanayu tsopano ali pansi pa 76.9, ndiye walembedwa kuti wapinimbira pomwe sizili choncho. Lachiwiri ndi loopsa kwambiri: kwa mnyamata wa masentimita 76, malire a kuwonda ali pa makilogalamu 8.3, ndipo 8.4 wake uja wangodutsa pamwamba pake. Kuwonda kumene kunkafuna chithandizo mwezi womwewo kwabisika. Sikelo idzasonyezabe kuti mwanayu ndi wopepuka pa msinkhu wake, koma aliyense adzapeza yankho losavuta lakuti wapepuka chifukwa ndi wamfupi. Bondo lopindika lapatsa mwana vuto limene alibe n'kumubisira limene ali nalo. Wodzipereka amene wamvetsa chitsanzo ichi safunanso kukumbutsidwa chifukwa chake dzanja lake liyenera kukhala pamawondo.

Pali cholakwa china chimene chimachitika mwana asanagone n'komwe pathabwa, ndicho kuwerenga miyezi. Tchati chimafuna miyezi yathunthu imene mwana wakwanitsa. Mwana wobadwa pa 25 Ogasiti 2023 akabwera kusikelo pa 12 Malichi 2025 ali ndi miyezi 18, chifukwa wa 19 adzaukwanitsa pa 25 Malichi. Wowerenga maina a miyezi pa zala osayang'ana tsiku apeza 19, ndipo pa miyezi 19 mzere wa -2 wakwera kale kufika pa 77.7. Mwana wa masentimita 77.3 amakhala bwino pa kuwerenga koyamba, n'kukhala wopinimbira pa kwachiwiri. N'chifukwa chake tsiku lobadwa liyenera kutengedwa m'buku la kuchipatala nthawi zonse, osati kufunsa kuti mwanayu ali ndi miyezi ingati. Buku likatayika, funsani mayi mofatsa pogwiritsa ntchito zochitika za m'dera: kodi anabadwa mvula yoyamba itagwa, pa nthawi yosoka fodya, pokumba mtedza, kapena pa Khirisimasi? Tchati cha anyamata ndi cha atsikana nachonso n'chosiyana, ndipo kusinthanitsa kumasokoneza zonse.

Mmene mwana amayezedwera chogona

Mwana wosakwana zaka ziwiri amayezedwa atagona chagada, ngakhale atakhala kuti akuthamanga kale. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri, ndipo apa mlangizi asalole zokambirana. Thabwa liyalidwe pamalo olimba ndi osalala, monga pakhonde la simenti la tchalitchi kapena la sukulu, osati pamchenga kapena pabenchi yogwedera. Mwana avulidwe nsapato, masokosi, chipewa ndi thewera lochindikala, ndipo ngati tsitsi lamangidwa timfundo kapena mikanda pamwamba pa mutu, mayi apemphedwe kumasula. Wothandizira amagwada kumutu, kuseri kwa thabwa, n'kugwira mutu wa mwana ndi manja onse awiri m'makutu mofatsa, kuti liwombo ligunde kathabwa ka kumutu kosasuntha. Maso a mwana ayang'ane kumwamba molunjika. Njira yodziwira ndi kuyerekeza mzere wochokera pa bowo la khutu kufika m'munsi mwa diso: mzerewo uyenera kuima chilili, osapendekera kuchifuwa kapena kumbuyo. Mayi akhale pafupi pomwe mwana akumuona ndi kumva mawu ake, koma ntchito yogwira mutu ndi bwino ikhale ya munthu amene anaphunzira, chifukwa mayi mwachibadwa amadzutsa mutu wa mwana kuti amutonthoze.

Woyeza amagwada cha kumiyendo, mbali imene kuli manambala. Ayambe waona kuti mwana wagona mowongoka pakati pa thabwa, mapewa agunda pansi, msana sunapindike ngati uta. Dzanja limodzi aliike pamawondo onse awiri n'kukanikiza mofatsa mpaka miyendo iwongoke, linalo akankhe kathabwa ka kumapazi mpaka kagunde zidendene ndi mapazi onse, zala zikuloza kumwamba. Ana ambiri amatambasula zala zakumapazi n'kukankha kathabwako, ndipo woyeza akawerenga pamenepo amawonjezera sentimita yomwe kulibe. Kukanda pang'ono kuphazi kumachititsa mwana kubweza zala, ndipo kathabwa kamalowa pomwepo. Khanda la masabata ochepa miyendo yake siwongoka kwathunthu ndipo siyenera kuumirizidwa, chifukwa mutha kulipweteka. Mwana akavutitsitsa moti miyendo yonse siyingagwirike, mwendo umodzi wowongoka bwino ndi wokwanira.

Powerenga, diso likhale molunjika pamwamba pa nambala, osati chapambali. Nambala iwerengedwe mpaka kamzere kakang'ono komaliza kamene kakuoneka, monga 78.3, osati kungoti 78 kapena 78 ndi theka. Woyeza aitchule mokweza dzanja likadali pamawondo, wolemba aibwereze mokweza, ailembe, ndipo woyeza aione yalembedwa asanadzutse mwana. Ena amaona ngati mwambo wongotayitsa nthawi, koma pamalo pomwe ana khumi akulira nthawi imodzi, 78.3 amasanduka 73.8 mosavuta, ndipo palibe amene angadzakumbukire kuti choona chinali chiti.

Mwana woimirira, ndi mwezi wosinthira

Kuyambira pa zaka ziwiri mwana amayezedwa choimirira. Thabwa liime pamalo osalala litatsamira khoma kapena mtengo wowongoka kuti lisagwedere. Mwana aime wopanda nsapato, mapazi atatalikirana pang'ono, ndipo malo asanu agunde thabwa: nkhongo, mapewa, matako, akatumba a miyendo ndi zidendene. Wothandizira amagwada n'kugwira mawondo ndi akakolo kuti mwana asanyang'ame kapena kupinda miyendo. Woyeza amagwira chibwano pakati pa chala chachikulu ndi cholozera kuti mwana ayang'ane kutsogolo, mzere wa khutu ndi diso uja ukhale chopingasa, kenako amatsitsa kathabwa mpaka kapanikize tsitsi n'kugunda mutu weniweni. Mwana wa mimba yaikulu amakonda kupinda msana, ndiye kukanikiza pamimba pang'ono kumamuthandiza kuima bwino. Woyeza awerame kapena agwade kuti diso lake lifanane ndi nambala, chifukwa munthu wamkulu wowerenga ataima amaona nambala yolakwika.

Munthu akagona amatalika pang'ono kuposa akaima, popeza msana supanikizika, ndipo pa msinkhu uwu matchati a WHO amawerengera kusiyana kwa sentimita 0.7. Choncho mwana wosakwana zaka ziwiri akakanitsitsa kugona n'kuyezedwa choimirira, pa nambalayo muwonjezere 0.7. Mwana wa zaka ziwiri kapena kuposa amene sangathe kuima, mwina chifukwa cha matenda kapena ulumali, akayezedwa chogona muchotsepo 0.7. Kusiyana kumeneku kumasokoneza anthu pa mwezi wosinthira. Mnyamata wapakatikati amakhala ndi masentimita 86.9 chogona pa miyezi 23, ndipo pa miyezi 24 choimirira amakhala ndi 87.1. Wosadziwa anganene kuti mwana waima kukula, pomwe chasintha ndi kayezedwe. N'chifukwa chake pambali pa nambala iliyonse payenera kulembedwa ngati mwana anagona kapena anaima. Msinkhu wa mwana ukakhala wosadziwika konse, lamulo limene amatsata ndi lakuti wosafika masentimita 87 agone, wofika kapena kuposa aime.

Kodi sikelo ndi lamba sizokwanira?

Wina anganene kuti zonsezi n'kulemetsa anthu odzipereka amene ali kale ndi ntchito yambiri, pomwe sikelo ndi lamba wa pamkono zikugwira ntchito bwino. Mfundoyi ili ndi mbali yoona. Lamba ndi wosavuta, ndipo pofuna kupeza mwana amene moyo wake uli pachiswe palibe chida cha m'mudzi chomuposa: mkono wosafika masentimita 11.5 pa mwana wa miyezi 6 mpaka 59 ndi chizindikiro chofiira, ndipo kutupa kwa mapazi onse awiri kumafuna kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati gulu lili ndi mphamvu yochita chinthu chimodzi chokha, lichite chimenecho. Koma lamba sayeza vuto limene lakuta ana ambiri a dziko lino. Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya boma ya NSO inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, pomwe owonda mopitirira muyeso anali atatu okha. Mu 2010 opinimbira anali 47 mwa 100. Mwana wopinimbira amatha kukhala ndi mkono wogwera pobiriwira, masaya odzadza, n'kumasewera ngati anzake. M'mudzi momwe mwana mmodzi mwa atatu ndi wamfupi, diso limazolowera ndipo silionanso chachilendo. Thabwa lokha ndi limene lingaone.

Kutsutsa kwachiwiri n'kwamphamvu kuposa koyamba: ngati mwana amakula sentimita imodzi pa mwezi, ndipo ngakhale woyeza waluso amatha kusiyana ndi mnzake ndi theka la sentimita, kuyeza mwezi ndi mwezi kuli ndi phindu lanji? Akatswiri ambiri amanenadi kuti kutalika sikufuna kuyezedwa pafupipafupi ngati kulemera, ndipo pa mwana wopitirira zaka ziwiri kuyeza kamodzi pa miyezi itatu kumakwanira. Yankho lagona pa kusiyanitsa kuyeza ndi kugamula. Pa mwana wosakwana zaka ziwiri, kuyeza mwezi uliwonse kumapereka manambala angapo otsatizana, ndipo nambala yolakwika imaonekera chifukwa siyenda ndi anzake. Kumathandizanso kuti manja a woyeza asaiwale, ndiponso kuti mwana amene wajomba sikelo nthawi ya dzinja, mayi ali kalikiliki kumunda kapena mtsinje utadzadza, asakhale theka la chaka osayezedwa. Koma chigamulo chakuti mwana akukula kapena ayi chisatengedwe pa mwezi umodzi. Chitengedwe poyang'ana miyezi itatu.

Tibwerere kwa mnyamata wa masentimita 78.0 pa miyezi 18 uja. Pofika miyezi 21 mzere wa -2 umakhala utakwera kuchoka pa 76.9 kufika pa 79.4, kutanthauza masentimita awiri ndi theka. Ngati manambala ake ayenda 78.0, 79.1, 79.5, 80.6, ndiye kuti mwezi wina anaoneka ngati wachedwa, koma pa miyezi itatu wawonjezera 2.6 ndipo akuyenda limodzi ndi mzere. Mayi auzidwe kuti apitirize. Ngati manambala ayenda 78.0, 78.4, 78.6, 79.0, palibe mwezi umene unali woopsa pawokha, koma mwanayu wangowonjezera sentimita imodzi ndipo wagwera pansi pa mzere. Apa ndi pofunsa mafunso. Ndipo ngati nambala ya mwezi uno yatsika poyerekeza ndi ya mwezi watha, musauze mayi kuti mwana wafupika. Ana safupika. Muyezeninso nthawi yomweyo, ndipo mukapeza kuti ya lero ndi yolondola, ikani chizindikiro pa ya mwezi watha kuti inalakwika.

Mtundu wa afupi, ndi mantha a thabwa

Kusikelo kumamveka kawirikawiri mawu akuti kwathu ndife afupi, mwanayu watengera agogo ake. Kutengera kulipo, ndipo si mwana aliyense wamfupi amene ali ndi vuto, popeza ngakhale pakati pa ana odya bwino, awiri kapena atatu mwa 100 amagwera pansi pa mzere wa -2. Koma atatu si 37. Matchati a WHO anachokera pa kafukufuku wa pakati pa 1997 ndi 2003 amene anayeza ana oposa 8,000 a ku Ghana, Brazil, India, Norway, Oman ndi Amereka, ana oyamwa bwino ndi okulira m'mabanja osasowa chakudya ndi chithandizo. Anapeza kuti pa zaka zoyambirira ana a mitundu yosiyanayi amakula mofanana kwambiri. Agogo amfupi aja mwina nawonso anakula ndi phala lamadzimadzi, malungo ndi kutsegula m'mimba. Wodzipereka sayenera kukangana ndi mayi za mtundu wawo. Angomusonyeza kuti chimene akuyang'ana si kufupika kokha, koma ngati mwana akutsatira njira yake kapena akupatuka. Mwana wa banja la afupi amayenda pansi, koma motsatana ndi mzere. Mwana amene akusowa kanthu amanka natalikirana nawo.

Pali chinanso chimene sichinenedwa mokweza. Pa mwambo wathu, munthu amene amayezedwa atagona chowongoka ndi womwalira, pomwe adzukulu amatenga bango kuti adziwe kukula kwa manda ndi bokosi. Thabwa lokhala ndi kathabwa kumutu ndi kumapazi limakumbutsa ena zimenezo, ndipo mayi kapena agogo amatha kukana osanena chifukwa. Kuseka mantha amenewa kapena kukalipa kumangochititsa kuti mwezi wamawa asabwere. Chothandiza ndi kufotokoza ntchito isanayambe, kuyala chitenje chopyapyala cha mayi yemweyo pathabwa, kuyamba ndi mwana wa mmodzi mwa odzipereka, kupempha amfumu kuti alankhulepo pa msonkhano wa mudzi, ndi kugwira ntchito mwachangu kuti mwana asakhalitse chogona. Mwana akonzedwe ali m'manja mwa mayi ake, ndipo pathabwa angokhalapo kanthawi kochepa.

Ena amafunsa kuti nanga mwana akapezeka wopinimbira apatsidwa chiyani, poti chiponde ndi cha ana owonda kwambiri. N'zoona kuti kupinimbira kulibe mankhwala a tsiku limodzi, ndipo mwana akapitirira zaka ziwiri zimavuta kubweza zimene zinatayika. Chimenechi ndiye chifukwa chake thabwa liyenera kuthera nthawi yake pa ana aang'ono, kuti kupatuka kuoneke mzere usanadutsidwe. Wodzipereka akaona miyezi itatu yosakula afunse modekha: kodi mwana akuyamwabe, amadya kangati pa tsiku, ali ndi mbale yakeyake, phala lake ndi lolimba kapena lamadzi, mumathiramo nsinjiro, soya, dzira kapena usipa wosinja, wadwala kangati, amagona m'masikito? Dera lino limalima mtedza ndi soya wambiri, ndipo nthawi zambiri funso lenileni ndi lakuti banja lasungako wochuluka bwanji pogulitsa. Kenako auze mlangizi, amene angaone ngati mwanayo akufunika kupita kuchipatala chapafupi, kaya ku Kabudula kapena ku St Gabriel ku Namitete, kukafufuza matenda obisika monga chifuwa chachikulu kapena kachilombo ka HIV. Zonsezi zinenedwe pambali, osati pagulu, chifukwa mayi amene wachititsidwa manyazi sabweranso.

Momwe mungadziwire kuti gulu likuyeza bwino

Mlangizi safunika kuima pambali pa thabwa tsiku lonse kuti adziwe ngati ntchito ikuyenda. Kaundula amaulula yekha. Ana akayezedwa moona, nambala yomalizira imatha kukhala iliyonse kuyambira 0 mpaka 9, kotero pa ana 40, pafupifupi asanu ndi atatu okha ndi amene manambala awo angathere pa 0 kapena 5. Mukapeza kuti ana 30 mwa 40 athera pa 0 ndi 5, dziwani kuti woyeza akungoyerekeza. Mukapeza ana angapo amene afupika, kapena mwana wa chaka ndi theka amene wakula masentimita anayi pa mwezi umodzi, kapena nambala yofanana ndendende miyezi itatu yotsatizana, pali vuto la kagwiridwe kapena wina akungokopera za mwezi watha. Thabwa nalonso limakalamba: limapindika likanyowa, kathabwa kotsetsereka kamayamba kugwedera, manambala amafufutika kapena tepi imamatuka. Gulu lisunge ndodo yowongoka imene kutalika kwake kukudziwika bwino, n'kuiyeza m'mawa uliwonse wa sikelo ana asanayambe. Ikapereka nambala ina, vuto ndi thabwa.

Mbali yaikulu ya phunziro iyenera kukhala yoyeserera ndi ana enieni. Akatswiri a kafukufuku wa kadyedwe asanapite kumidzi amayesedwa poyeza ana khumi, aliyense kawiri, kuti aone ngati munthu akugwirizana ndi iye mwini komanso ndi mphunzitsi wake. Zomwezo zingachitike pakhonde la chipatala chaching'ono ndi ana asanu kapena khumi. Awiriawiri ayeze mwana aliyense, alembe mobisa, apume, ayezenso osayang'ana nambala yoyamba, kenako afananize ndi za mlangizi. Pa kafukufuku wa WHO uja, oyeza awiri akasiyana kuposa mamilimita asanu ndi awiri ankabwereza muyeso, ndipo malire omwewo ndi abwino kuwatsata kumudzi. Amene manambala ake amakhala otsika nthawi zonse, kawirikawiri sawongola mawondo. Amene amakhala okwera, mwina amawerenga pa zala zakumapazi kapena amalola mutu kuchoka pa kathabwa. Amene amangosinthasintha, vuto ndi changu kapena kawerengedwe. Cholakwa chilichonse chili ndi mankhwala ake, ndipo munthu amachivomereza msanga akachiona pa manambala a iye mwini kusiyana ndi pomwe wangouzidwa.

Chotsala ndi funso la nthawi ndi zida, ndipo apa akuluakulu a zaumoyo m'boma la Lilongwe ndi mabungwe othandiza ali ndi gawo lawo. Kuyeza bwino mwana mmodzi, kuphatikiza kumuvula, kulemba ndi kuika kadontho pa tchati, kumatenga mphindi zingapo, ndipo pamalo pomwe pabwera ana 100 ndi odzipereka awiri sizingatheke kuti onse ayezedwe molondola. Kukakamiza kuti malo onse m'kaundula adzadze ndi kumene kumabala manambala opeka. Gulu lotere lisankhe mwadala: ana onse ayezedwe kulemera, pamkono ndi kutupa kwa mapazi, osakwana zaka ziwiri ayezedwe kutalika mwezi uliwonse, ndipo okulirapo agawidwe kuti aliyense ayezedwe kamodzi pa miyezi itatu. Kumene kulibe thabwa, tepi ya telala kapena mizere yojambula pakhoma sizilowa m'malo mwake pa mwana wogona, ndipo ndi bwino kubwerekana thabwa limodzi ndi mudzi woyandikana nawo posiyanitsa masiku a sikelo. Tsiku limene wothandizira sanabwere, kapena mwana wakana kotheratu, wodzipereka alembe kuti sanayezedwe, ndipo mlangizi amuuze pamaso pa anzake kuti wachita bwino. Malo osalembedwa amakumbutsa aliyense kuti mwanayo ayambirire kuyezedwa mwezi wamawa, pomwe nambala yopeka imatseka funsolo, n'kupita m'malipoti a kuboma ngati choonadi.